Nyimbo Yopanda Denga

Vika anafika kwanga m'mawa atanyamula foni patsogolo ngati mbale ya chopereka. Vikayu ndi mwana wa mlongo wanga Semisi. Amakhala ku Auckland, kutsidya kwa nyanja, ndipo ndi iyeyo amene anakonza phwando loti bambo ake ndi mayi ake, Kalolaine, akumbukire zaka makumi asanu za ukwati wawo. Ndi iye yemweyo anakonzanso zoti phwando likangotha awatenge onse awiri akakhale nawo konko, pafupi ndi madokotala. Za ine ndi galu wanga Pulu sananenepo kanthu, inenso sindinafunse.

"Azakhali Latai, ndasankha nyimbo za pa chakudya chamadzulocho. Tamvani."

Anadina. Munatuluka mzungu akulira ngati wapondedwa ndi hatchi.

"Akuti chiyani ameneyu?"

"Akuti adzamukonda mpaka kalekale."

"Nanga akuliriranji?"

"Mkaziyo wachoka."

"Ndiye ukufuna amayi ako azitafuna nkhumba uku akumva za mkazi wochoka? Pitirira."

Yachiwiri mwamuna anamwalira. Yachitatu onse anali moyo, koma wina anali wa mwini wake. Vika anayamba kupukuta thukuta pamphuno. Ndinamuuza kuti asadandaule, nyimbo zachikondi zimatero kulikonse. Amene ali ndi mkazi m'nyumba amagona tulo, wopeka nyimbo ndi uja wasiyidwa padoko. Kupeza nyimbo ya anthu awiri amene sanasiyane ndi ntchito, umachita kupeta.

Anatsegula zakwathu, nyimbo za maluwa zija amaimba amuna akamamwa kava, chakumwa chathu cha mizu. Apa ndiye anali pafupi kutipha tonse. Yoyambirira yeniyeni inali yotama maluwa ndi magombe a ku zilumba za Vavaʻu.

"Iyi ndi yokoma, azakhali. Aliyense amaidziwa."

"Yokoma, eya. Koma mwana iwe, nyimbo zathu sizitchula dzina la mtsikana, zimatchula kwawo. Amayi ako ndi a ku chilumba cha Foa. Ukaimbitsa ya ku Vavaʻu, nkhalamba zonse m'holomo zikumbukira kamphunzitsi kena ka ku Vavaʻu kamene bambo ako ankakapititsira kokonati asanakwatire. Kanali ndi miyendo ngati ya nkhanu. Amayi ako sanakaiwale."

Anaifufuta msangamsanga. Kenako anakhala pansi pamkeka, nanena chimene anabwerera kwenikweni.

"Amayi apempha chinthu chimodzi chokha. Akuti bambo awaimbire nyimbo imene anawafunsira nayo. Koma bambo akuti mawu anaiwala, kaimbidwe kake pa gitala sakukadziwa, ndipo amene ankaidziwa onse anapita. Amayi akuti ndifunse inu."

Ndinayang'ana pakhoma pomwe pali gitala ya malemu mwamuna wanga Lisiate. Pulu anayang'ananso konko, chifukwa galu ameneyu amayang'ana kulikonse ndayang'ana ine.

Nyimbo imeneyo inaimbidwa yathunthu kamodzi kokha. Nthawi imeneyo msewu wowolokera ku Foa kunalibe, anthu ankadikira nyanja iphwe n'kuyenda pamiyala. Semisi anatenga muzu wa kava ndi anzake, anawoloka, nakapempha makolo a Kalolaine kuti mtsikanayo awasungunulire. Kufunsira kunali kotero. Mtsikana amakhala kuseri kwa mbale yaikulu, akufinya kava, maso pansi, anyamata akuimba, ndipo wofunsirayo amakhala pambali pake akutuluka thukuta. Lisiate ndiye anapeka nyimboyo pamodzi ndi Semisi, ndiye anaimbanso gitala ndi mawu apansi. Ine kunalibe. Mlongo wa munthu sapezeka malo otero.

Chaka chotsatira Lisiate anandikwatira ine, ndipo nyimboyo inalowa m'nyumba mwanga, koma inalowa theka. Lisiate anali munthu wa besi, mawu apansi aja, kuyambira m'mimba mwa mayi ake. Akamameta ndevu, akamasoka ukonde, akamakala kokonati, ankang'ung'udza mbali yake yokha, bum, bum, mawu onse osadumpha ngakhale limodzi. Ndikamuuza kuti, "Tandiimbire pamwamba pake," ankayesa mawu atatu n'kugweranso m'dzenje lake.

"Nyimbo ndi nyumba, Latai," ankatero. "Ine ndine nsanamira. Denga ndi mlongo wako."

Kalolaine ndi amene analimva dengalo, koma mlamu wangayu Mulungu anamupatsa zonse kupatula khutu. Akaimba m'tchalitchi, ana amatembenuka kuti aone chimene chagwa. Choncho ine ndakhala zaka zonsezi m'nyumba ya nsanamira zokhazokha. Lisiate atamwalira, chinthu chimodzi chimene ndinkachifuna n'kusachitchula kwa munthu chinali kumva chimene chinkakhala pamwamba pa mawu ake.

"Ndikuidziwa," ndinamuuza Vika. "Koma bambo ako sangaimbe ine ndili pomwepo."

"Aa, azakhali, zimenezo ndi zakale. Ine ndi alongo anga timaonera limodzi mafilimu."

"N'chifukwa chake muli ndi nkhope zotero."

Anaseka, koma ine sindinkaseka kwenikweni. Ine ndi Semisi tinakula mosiyana ndi iwo. Atangoyamba kumera ndevu makolo anamumangira kanyumba kake kuseri, ndipo sanapondenso m'chipinda changa mpaka lero. Sanatukwanepo ine ndikumva. Ine amene ndimadziwika zilumba zathu zonse za Haʻapai ndi pakamwa poola, akangotulukira iye ndimasanduka mkazi wa abusa. Achinyamata akamaimba za chikondi cha anthu ena pa phwando, timapirira, aliyense amayang'ana m'mbale mwake. Koma kuti iye atsegule pakamwa pake, auze mkazi wake za mumtima, mlongo wake ali potero akumva? Akhoza kulolera kumeza mbedza.

"Komatu simungajombe," anatero Vika. "Ndinu azakhali athu. Mpando wapamwamba ndi wanu, mikeka ndi yanu, keke yapamwamba ndi yanu. Mukapanda kubwera anthu adzati tayambana."

"Ndibwera. Zinazo undisiyire. Kandiitanire Lopeti."

Lopeti ndi amene amatsogolera oimba a ku kalabu ya kava ya m'mudzi mwathu, bambo wa ana asanu amene masana amakonza mainjini a maboti. Ndisanamulowetse m'nyumba ndinayamba ndamuwerengera makolo ake mbali zonse, kuopa kuti angapezeke mlongo wanga wapatali. Anatuluka woyera.

Tinayamba ndi dongosolo la madzulowo. Iye ankafuna kutsegula ndi nyimbo yawo yotchuka, yothamanga ija.

"Anthu akamadya saomba m'manja, Lopeti. Manja ali ndi mafuta. Pa chakudya muziimba zofatsa, kagitala ka ukulele pansipansi, kuti nkhalamba zizimvana zikamanenana miseche. Ndipo zikhale za nthawi yawo, zimene ankamva pa wailesi ali ndi mano onse. Zako zatsopanozi ukaimbire akazi ako."

"Nanga yovina, mayi?"

"Imodzi, ya awiriawiri, mbale zikachotsedwa. Uichedwetse. Bondo la Kalolaine silipinda kawiri pa mpweya umodzi. Uziyang'ana mapazi ake, osati zala zako. Ndime ziwiri basi. Akakhala pansi, Semisi apume, amwe madzi, kenako nyimbo yake. Ukaiika koyambirira, abusa amakhala asanatope, ana akulira, mbale zikugundana. Ukaiika kumapeto kwenikweni, mwini wake wagona."

Tinapeta nyimbo tsiku lonse. Ya bwato lochoka tinataya. Ya manda tinataya. Ina yokoma kwambiri tinataya chifukwa ndime yachitatu imati nyali yazima, pomwe eni phwando ali pafupi kusamuka. Zinatsala zochepa, zonse zotchula Foa kapena chilumba chathu cha Lifuka kapena mwezi, popeza mwezi ulibe kwawo.

Kenako ndinatsitsa gitala pakhoma. Lopeti anaipukuta fumbi, anayamba kupotokola makutu ake monga amachunira zake.

"Siya. Imeneyi sichunidwa choncho."

Lisiate ankamasula nsambo zina kufikira poti ukakhwacha osagwira paliponse, zonse zimalira mogwirizana. Nsambo yonenepa ankaitsitsa kwambiri, ndipo chala chachikulu chinkayenda pa iyo yokha ngati munthu woyenda mumchenga, zala zinazo zikutola pamwamba. Ine sindidziwa kuimba gitala, koma ndinaonerera manja amenewo zaka zambiri. Ndinkang'ung'udza liwu, Lopeti n'kumasula nsambo mpaka ifike pa liwulo. Kenako ndinamuimbira besi, nkhalamba yaikazi ikudzikakamiza kukhala ng'ombe.

*Mphepo ya kumwera, usazime nyali ya pa Foa,*
*ndawoloka nyanja isanabwerere, mapazi anga ali ndi mchere.*

Pulu anatuluka panja.

"Besi ikapita apa, dzanja lipite apa," ndinkatero ndikumukankha chala. Iye ndi wa khutu labwino. Besi ikamuuza poponda, mawu apakati ankawapeza yekha. Koma pamwamba pake anagwedeza mutu.

"Pamenepa pakhoza kukhala nyimbo khumi zosiyana, mayi. Ndipite kwa a Semisi akandiimbire."

Anapita, nabwerako manja ali m'thumba. Semisi anamuuza kuti nyimboyo anaimbira munthu mmodzi, sangaiyeserere pamaso pa anthu onunkha dizilo. Adzaimba tsiku lomwelo, iwo adzangomutsatira. Mawu ake ndinkawatumiza kudzera mwa Kalolaine. Ndinkamuuza mzere, iye n'kukaunena kwa mwamuna wake ngati uthenga wa maliro, popanda kanyimbo kalikonse.

Chinatsala ndi msinkhu wa nyimboyo. Semisi ali mnyamata ankaimba ndi kaliwu kakang'ono kapamwamba kaja amaimba amuna athu, ndipo Lisiate anaichunira pamenepo. Koma munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri sakwera mtengo umene ankakwera kale. Malo amodzi okha amene ndimaloledwa kumva mlongo wanga akuimba ndi m'tchalitchi. Lamulungu limenelo sindinamve ulaliki. Ndinatchera khutu ku mabenchi a amuna. Pa nyimbo yomaliza, pamene mawu amakwera, ndinamuona Semisi atatsegula pakamwa koma osatuluka kanthu, ngati nsomba ya m'bwato. Ndinalisunga liwu limenelo m'mphuno, ndinatuluka nalo osapereka moni kwa aliyense, mpaka kwa Lopeti.

"Apa safika. Tsitsa yonse masitepe atatu."

"Tikatsitsa choncho, mnyamata wanga wa besi sakafika pansi."

"Asafike. Aziimba pomwe angathe, pansi penipeni isiyire nsambo yonenepayo. Ndipo tamvera. Poyambira uzungulire kawiri kuti apeze mpweya. Akapanda kulowa, usamuyang'ane, usaime, zunguliranso ngati ndi mmene nyimboyo ilili. Nkhalamba ukaiyang'ana imaiwala dzina lake lomwe."

Tsiku la phwando, dzuwa litapendeka, holo ya tchalitchi inali itadzaza. Nkhumba zootcha zinagona pamzere, zilazi, nyama ya m'chitini yokulunga m'masamba, nsomba yaiwisi ya mu mkaka wa kokonati, mavwende. Anandikhazika pamwamba, pa mulu wa mikeka yosalala ndi nsalu za makungwa, kutsogolo kwanga keke ya nyumba zitatu. Semisi ndi Kalolaine anakhala chapakati pa tebulo lomwelo. Semisi anavala mkeka wamwambo wa m'chiuno umene anakwatira nawo, wofiirira ndi ukalamba. Polowa anandiweramira pang'ono.

"Mwafika, Latai."

"Ndafika. Mwaonda."

"Ndi kolala iyi."

Kucheza kwathu kunathera pomwepo, ndipo kwa ife kumeneko ndi kucheza kwambiri.

Abusa anapemphera mpaka mafuta a nkhumba anagwirana. Kenako Lopeti ndi anzake, atakhala pansi pakona mozungulira, anayamba pansipansi monga ndinawauzira. Ndinaona nkhalamba zikusiya kutafuna, mitu ikupendekeka. Mayi wina amene amayenda ndi ndodo ziwiri anayamba kuimba nawo maso ali chotseka. Zolankhula zinabwera, anthu analira monga mwa mwambo, mbale zinachotsedwa. Pa nyimbo yovina Semisi anagwira mkazi wake ngati wanyamula mazira, ndipo Lopeti maso ake anali pa mapazi a Kalolaine. Ine ndinayang'ana keke, popeza kumeneko ndiye kunali koyenera kuyang'ana.

Atakhala pansi, Vika anamupatsa madzi bambo ake. Lopeti anaika gitala yake pambali, natenga ya Lisiate. Semisi anayang'ana gitalayo, kenako anayang'ana pansi. Sanayang'ane kwa ine. Kalolaine ndi amene anandiyang'ana.

Munthu wa pampando wapamwamba sangangodzuka n'kutuluka, anthu angati wakwiya ndi mikeka. Koma nkhalamba yopenga imaloledwa zonse, ndipo zakhali ali ndi ufulu wotenga chilichonse cha ana a mlongo wake. Ndinadzuka, ndinazula nyumba yapamwamba ya keke isanadulidwe n'komwe, ndinaisenza pamutu.

"Yanga iyi. Ndikaidyere kwathu, kuno kuli anthu a maso aakulu."

Ndinauza wa ukulele kuti andipatse yothamanga. Ndinavina chobwerera m'mbuyo, matako patsogolo, ndinatsinzinira abusa diso, ndinagwira ndevu za mkulu wa mudzi n'kumufunsa ngati akadali wosakwatira. Holo yonse inagwa ndi phwete. Semisi anaphimba nkhope ndi dzanja, monga ayenera kuchitira. Ndinatuluka pakhomo anthu akuomba m'manja, Pulu ali pambuyo.

Tsono apa ndi pomwe ndinachenjera. Sindinapite kunyumba. Kumbali kwa holo kuli thanki ya simenti ya madzi a mvula, ndipo pamwamba pake pali zenera la magalasi opendeka limene silitsekeka. Ndinali nditapayendera kale Lachisanu, ndinaikapo ndi chidebe chokhalira. Ndinakhala kuseri kwa thankiyo keke ili pamiyendo. Mumtima ndinati, iye sakundiona, ine sindikumuona, Mulungu ali ndi zambiri zoti ayang'ane.

M'holo munakhala bata. Kenako nsambo yonenepa inayamba kuyenda. Ndinagwira simenti. Anali Lisiate ndithu, akubwera mumchenga ndi mapazi ake aakulu aja. Gitala inazungulira kamodzi. Inazungulira kawiri. Ndinatchera khutu.

Palibe analowa.

Lopeti anazunguliranso, mwana womvera. Anazunguliranso kachinayi. Wina anatsokomola. Ndinaganiza kuti mwina waiwala liwu loyamba, kapena tatsitsa mosakwanira. Kenako ndinamva mawu a Semisi, osakweza, akulankhula ngati akuuza tebulo.

"Galu uja sagona pamene palibe mwini wake."

Ndinasuzumira. Pulu anali atagona poyera, pakati pa thanki ndi khomo la holo, pomwe kuwala kwa nyali kumagwera. Mutu unali pa miyendo yakutsogolo, maso kwa ine, mchira ukusesa pansi. Aliyense wokhala pa tebulo lapamwamba ankamuona bwinobwino.

Palibe anaseka. Gitala inkangozungulira.

Ndikanatha kumuponya mwala galuyo n'kukhalabe. Ndinautola ndithu mwalawo. Koma Semisi amandidziwa kuyambira ndili wamaliseche. Akanadikira, gitala ikanatopa, kenako akanati pakhosi pauma, anthu akanaimba nyimbo ya Mulungu n'kubalalika. Kalolaine akanakwera ndege ndi bondo lake lija, osamva kanthu.

Ndinaika mwala pansi. Ndinasenza keke. Ndinadutsa dala pakuwala paja kuti andione msana, ndinatsika mumsewu, ndinalunjika kumene mphepo inkachokera kuti izikankhira mawu kwina. Nditafika pa sitolo ya Mtchaina, patali ndithu, ndinaima n'kukuwa ndi mawu anga onse a kumsika.

"Pulu! Tiye kunyumba, kazitape iwe."

Ndinafuna amve kutalika kwake.

Tinayenda. Kunja kunali kusanade kwenikweni, nkhumba za anthu zinkabwerera kuchokera kugombe. M'nyumba zonse munalibe anthu, onse anali kuholo. Nditafika pa mpanda wanga ndinaima, sindinathe kudziletsa. Mphepo inadukiza pang'ono, ndipo china chake chinafika. Anthu oimba amadziwa kuti mawu ang'onoang'ono amafera panjira, chimene chimayenda mtunda ndi besi. Ndinamva nsambo yonenepa yokha, bum, bum. Koma sinalinso kuzungulira malo amodzi. Inapita pomwe imapita mawu akalowa, inakwera pa mchere wa kumapazi paja, inatsika, inalowa ndime yachiwiri. Ndinadziwa kuti akuimba.

Ndinaima pomwepo mpaka inatha. Inali mbali yomwe ija ndakhala ndikuimva moyo wanga wonse.

Ndinalowa m'nyumba, ndinadula keke. Pulu ndinamupatsa chidutswa chachikulu, ngakhale sanayenere.

M'mawa mwake Vika anabwera ndi anyamata atanyamula mikeka yanga ndi mwendo wa nkhumba. Maso ake anali otupa.

"Azakhali, munaphonya. Anthu onse analira, ndi abusa omwe. Koma ndajambula zonse." Anatulutsa foni ija. "Ndikuyatsireni?"

Ndinaiyang'ana. Kanali kanthu kakang'ono, kokwana m'dzanja.

"Mmenemo muli mawu a ndani?"

"A bambo."

"Akuimbira ndani?"

"Amayi."

"Ndiye ubweze m'thumba. Anadikira kuti ndichoke. Ukufuna ndikalowenso pa zenera?"

"Sadziwa, azakhali."

"Amene uja anaona galu."

Lopeti anabwera masana kudzabweza gitala. Iyeyo ndinamufunsa, chifukwa pakamwa pake si pa mlongo wanga. Anakanda mutu, anang'ung'udza mzere umodzi, anaima, anayambanso mosiyana. Kachitatu inatuluka nyimbo ya pa maliro ya mpingo wa Awesile.

"Pepani mayi. Ndinaimva kamodzi kokha, ndipo mtima wanga wonse unali pa chala chachikulu. Ndikamvere pa foni ya Vika ndidzakuphunzitseni?"

"Ukatero wandibweretsera zakuba. Pita ukakonze mainjini."

Womaliza kubwera anali Kalolaine, madzulo a tsiku loti mawa lake anyamuka. Anayenda yekha ndi ndodo, anakhala pakhonde panga akupuma ngati wakoka bwato.

"Mlamu, keke yanga yatha?"

"Munadya ziwiri. Musandiyambe."

Tinakhala. Ine ndi mkazi ameneyu taluka mikeka limodzi kuyambira tili ndi mabere oima, ndipo sindinkadziwa kuti ndidzaluka ndi ndani.

"Anafika pamwamba paja?" ndinafunsa.

"Anafika. Mawu ananjenjemera, koma anafika. Akuti amene anatsitsa nyimboyo anamuyeza bwino." Anaseka pang'ono. "Ndime yachiwiri anasokoneza. M'malo mwa duwa la pa mpanda anabwerezanso za mapazi."

"Ndinakuuzani kuti muzimubwerezera m'mawa, mutu usanatenthe."

"Anandiyang'ana, Latai. Tsiku lija ku Foa sanandiyang'ane ngakhale kamodzi, ankayang'ana mbale ya kava. Ndadikira zaka zonsezi."

Zimenezo si zoti mlongo wa munthu azimva, koma ndinazimva.

"Ndikuimbireni," anatero mwadzidzidzi. "Ili m'mutumu, ndikuimva bwinobwino."

"Mlamu, ndili ndi nkhuku zoikira. Musaziopseze."

Anaimbabe. Anatseka maso, anakweza chibwano, natulutsa chinthu chowongoka ngati thabwa, liwu limodzi kuyambira mphepo ya kumwera mpaka mchere wa kumapazi. Nkhope yake inkakwera ndi kutsika, nsidze zinkapita m'mwamba pomwe nyimboyo iyenera kuti imakwera, koma mawu osasuntha. Ndinayang'anitsitsa nsidzezo. Pa mzere wachiwiri ndinalowa pansi pake ndi besi ya Lisiate, ndipo tinaimba ndime zonse ziwiri, nkhalamba ziwiri pakhonde. Pulu anapirira mpaka pakati, kenako anapita kukagona kwa aneba.

Ananyamuka m'mawa. Ku bwalo la ndege Semisi anandigwira dzanja, nati ndizisamala ndi masitepe a kukhitchini, gitala ndiziipukuta. Ndinati iye azivala juzi.

Gitalayo ndinaibweza pakhoma mmene Lopeti anaisiyira, yotsika masitepe atatu. Nsambo zomasuka sizichedwa kutaya mawu, ndiye Loweruka lililonse ndimaitsitsa, ndimang'ung'udza liwu la m'tchalitchi lija, n'kupotokola makutu mpaka zigwirizane. Ndikatha ndimakhwacha kamodzi osagwira paliponse, ndimayesa kukweza nsidze monga ankachitira Kalolaine, kuti mwina china chake chingatuluke. Mpaka pano chimatuluka ndi besi.